Fomula ikamatsetsereka: mmene sipuredishiti imasocheretsera ndalama za kalabu ya alimi

Tiyerekeze kalabu ya alimi asanu amene agulitsira pamodzi soya wawo kwa wogula mmodzi. Sikelo yawerengedwa aliyense akuona, makilogalamu onse akwana 1,000, ndipo mtengo umene anagwirizana ndi K1,200 pa kilogalamu. Wogula wapereka K1,200,000. Msungichuma wa kalabuyo amalemba zonse pa laputopu, mu pulogalamu ya Excel, ndipo akaphatikiza ndalama zoti mlimi aliyense alandire, kompyuta ikumupatsa K1,038,000. M'thumba mukutsala K162,000 zopanda mwini. Makilogalamu analemba bwino, mtengo analembanso bwino, ndipo pa sikirini palibe chenjezo lililonse. Mitengoyi ndi yongoyerekezera kuti masamu aoneke msanga, koma vutoli limachitika kawirikawiri m'maofesi, m'masukulu ndi m'mashopu, ndipo gwero lake ndi limodzi: fomula imene inalembedwa bwino mu mzere woyamba inasintha pamene imakoperedwa m'mizere ya m'munsi.

Sipuredishiti ndi tsamba logawidwa m'timabokosi. Makolamu, amene amatsika kuchokera pamwamba, amadziwika ndi zilembo A, B, C mpaka kutsogolo. Mizere yopingasa imadziwika ndi manambala. Choncho kabokosi kalikonse kali ndi dzina lake: B2 ndi kabokosi ka mu kolamu B, mzere wachiwiri. Msungichuma wathu anaika mayina a alimi mu kolamu A, makilogalamu mu B, ndipo ndalama za aliyense zimatuluka mu C. Chakumbali anaikako mndandanda wa mitengo ya mbewu zonse zimene kalabu imagulitsa, mayina a mbewu mu D, mitengo yake mu E. Tsambalo likuoneka chonchi:

```
   A       B     C          D        E
1  Mlimi   Kg    Ndalama    Mbewu    Mtengo
2  (1)     250   300,000    Soya     1,200
3  (2)     180   270,000    Mtedza   1,500
4  (3)     320   288,000    Chimanga 900
5  (4)     90    180,000    Nyemba   2,000
6  (5)     160   0
7                1,038,000
```

Mu kabokosi ka C2 analemba fomula yochulukitsa makilogalamu a mlimi woyamba ndi mtengo wa soya:

```
=B2*E2
```

Yankho linatuluka K300,000, lolondola ndithu. Kenako anachita zimene aliyense wozolowera Excel amachita. Analoza mausi pa kadontho ka pakona ya m'munsi chakumanja kwa kabokosiko, n'kukokera pansi mpaka mzere wa 6 kuti alimi enawo awerengeredwe chimodzimodzi. Manambala anadzaza nthawi yomweyo, ndipo iye anapitiriza ntchito zina.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti kompyuta sisunga fomula ija monga mmene ife timaiwerengera. Ife timaona “B2 kuchulukitsa ndi E2”. Iyo imamva kuti “tenga zimene zili mu kabokosi koyandikana nane kumanzere, uchulukitse ndi zimene zili mu kabokosi kachiwiri kumanja kwanga, mu mzere womwe uno”. Zili ngati kulondolera mlendo kuti nyumba imene akuifuna ndi yachiwiri kudzanja lamanja. Malangizowo ndi oona pokhapokha ataima pamene inu mwaima. Akawatsatira ali mu msewu wina, agogoda pa khomo la munthu wina, ndipo salakwa chifukwa wachita zimene munamuuza.

Ndi zimene zinachitika. Fomula itatsika mzere umodzi, mayina onse awiri anatsika nayo:

```
C3:  =B3*E3
C4:  =B4*E4
C5:  =B5*E5
C6:  =B6*E6
```

Kutsika kwa B kunali kofunika, pakuti mlimi aliyense ali ndi makilogalamu ake mu mzere wake. Kutsika kwa E ndiye kunawononga zinthu. Mlimi wachiwiri, wa makilogalamu 180, anawerengeredwa pa mtengo wa mtedza, n'kupatsidwa K270,000 m'malo mwa K216,000. Wachitatu, amene anabweretsa soya wambiri kuposa onse, makilogalamu 320, anagwera pa mtengo wa chimanga ndipo analembedwa K288,000 pamene ayenera kulandira K384,000. Wachinayi anakumana ndi mtengo wa nyemba, ndipo makilogalamu ake 90 anamubweretsera K180,000 m'malo mwa K108,000. Wachisanu anafika pamene mndandanda wa mitengo unathera. Kabokosi ka E6 n'kopanda kanthu, ndipo pochulukitsa kompyuta imatenga kabokosi kopanda kanthu ngati ziro. Makilogalamu ake 160 anasanduka K0.

Ziro ameneyu ndiye wopulumutsa kalabu, chifukwa palibe mlimi amene angalole kubwerera kwawo chimanjamanja atabweretsa matumba. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi tsiku limene ziro saoneka. Kukanakhala kuti alimi anali anayi okha, makilogalamu onse akanakhala 840, ndipo ndalama zoyenera zikanakhala K1,008,000. Kompyuta ikanaonetsa K1,038,000. Kusiyana kwake ndi K30,000 basi, ndalama zoti munthu angaganize kuti sikelo inawerengedwa molakwika kapena wogula anadula kanthu. Koma mkati mwa kusiyana kochepako muli mlimi mmodzi amene walandidwa K96,000 ndi awiri amene awonjezeredwa K54,000 ndi K72,000. Zolakwikazo zimaphimbana pophatikiza. Ndalama zikagawidwa chonchi, amene adzatchulidwe wakuba pamsonkhano ndi msungichuma, munthu woti sanatengepo ngakhale kobiri.

Wina angafunse chifukwa chake mapulogalamuwa anapangidwa kuti azisuntha mayina a timabokosi okha. Yankho n'lakuti nthawi zambiri kusunthako ndi kumene timafuna. Popanda iko, kalabu ya alimi 200 ikanafuna kuti fomula ilembedwe pamanja ka 200. VisiCalc, pulogalamu ya Dan Bricklin ndi Bob Frankston imene inatuluka mu 1979 pa kompyuta ya Apple II, inkamufunsa munthu pokopera fomula. Pa dzina lililonse la kabokosi ankayenera kudina N ngati lisasinthe, kapena R ngati lisunthe. Lotus 1-2-3, imene inabwera mu 1983, inkagwiritsa ntchito chizindikiro cha dola posonyeza dzina loti lisasunthe, ndipo njira imeneyi ndi imene ili mu Excel, Google Sheets ndi LibreOffice Calc lero. Funso lija palibenso amene amakufunsani. Mukapanda kunena kanthu, pulogalamu imatenga kuti zonse zisunthe.

Choncho kukonza tsamba la kalabu kumangofuna zizindikiro ziwiri. Mu C2 mulembedwe:

```
=B2*$E$2
```

Chizindikiro cha $ pano sichikunena za ndalama za ku America ndipo sichisintha makwacha kukhala madola. Ntchito yake ndi kukhomerera chimene chikubwera patsogolo pake. Chimene chili kutsogolo kwa E chikuti kolamu isasunthe, ndipo chimene chili kutsogolo kwa 2 chikuti mzere usasunthe. Mukakokeranso fomula pansi, C3 ikhala B3 kuchulukitsa ndi $E$2, C4 ikhala B4 kuchulukitsa ndi $E$2, mpaka kumapeto. Ndalama zituluka K300,000, K216,000, K384,000, K108,000 ndi K192,000, ndipo zonse pamodzi zikwana K1,200,000, yofanana ndi imene wogula anapereka. Apa pali pamene ambiri amapunthwa: kukonza C2 yokha sikusintha mizere ya m'munsi. Mafomula olakwika aja amakhalabe pamene ali mpaka mutakokeranso fomula yatsopanoyo pamwamba pawo.

Kunena zoona, pokopera motsika chizindikiro chimodzi n'chokwanira. E$2 yokha ikugwira ntchito, chifukwa fomula ikamatsika ndi nambala ya mzere imene imasintha, chilembo cha kolamu chimakhala chomwecho. Koma tsiku lina mudzafuna kukopera fomula yomweyo chakumanja, ndipo pamenepo chilembo ndiye chidzasunthe. N'chifukwa chake ine ndimaona kuti chinthu chokhala mu kabokosi kamodzi kokha, monga mtengo, chiwongoladzanja kapena peresenti ya msonkho, ndi bwino kuchikhomerera mbali zonse ziwiri. Pa kompyuta simufunika kulemba zizindikirozi pamanja. Mukamalemba fomula, ikani kasa pa dzina la kabokosi n'kudina batani la F4. Kudina koyamba kumapereka $E$2, kachiwiri E$2, kachitatu $E2, ndipo kachinayi kumabwezera E2. Pa malaputopu ambiri batani limeneli limagwiranso ntchito zina, ndiye mumalidina pamodzi ndi Fn. Amene amalemba pa foni alibe batani limeneli, ndipo chizindikirocho amachifufuza pa kiyibodi ya manambala ndi zizindikiro n'kuchilemba okha.

Munthu akangodziwa za chizindikirochi amayamba kuchiika paliponse, ndipo kumeneko ndi kulakwitsa kwina. Akalemba $B$2 kuchulukitsa ndi $E$2 n'kukokera pansi, mlimi aliyense alandira K300,000 za mlimi woyamba, ndipo zonse pamodzi zikwana K1,500,000. Bola cholakwika ichi chimaonekera msanga, chifukwa nambala imodzi imabwerezedwa kuyambira pamwamba mpaka pansi. Musanakokere fomula, yang'anani dzina lililonse limene lilimo n'kudzifunsa ngati mlimi wa mzere wotsatira ali ndi chake kapena akugwiritsa ntchito chomwechi. Makilogalamu aliyense ali ndi ake, ndiye asunthe. Mtengo ndi umodzi kwa onse, ndiye ukhomereredwe.

Ena amathawa vutoli polemba 1200 mwachindunji mu fomula. Lero zimayenda bwino. Sabata yamawa wogula akakweza mtengo kufika pa K1,250, msungichuma asintha kabokosi ka E2, tsamba lioneka ngati lili ndi mtengo watsopano, koma ndalama zizituluka pa mtengo wakale chifukwa mafomula sakuyang'ana kabokosiko. Njira yabwino kuposa imeneyi ndi kupatsa kabokosi dzina. Mu Excel mumadina E2, kenako mumalemba dzina, mwachitsanzo Mtengo_soya, mu kampata kamene kali kumanzere kwa malo olembera fomula, n'kudina Enter. Fomula imakhala:

```
=B2*Mtengo_soya
```

Dzina lopangidwa motere limaloza kabokosi komweko kulikonse kumene fomula yakoperedwa, ndipo wapampando amene sadziwa zambiri za kompyuta akhoza kuiwerenga n'kumva chimene ikuchita.

Vuto lomweli lili ndi nkhope ina imene imapusitsa ngakhale anthu odziwa kale za dola. Kalabu ija inachita hayala galimoto yonyamula soya pa K100,000, ndipo anagwirizana kuti aliyense alipire molingana ndi makilogalamu ake. Msungichuma waika ndalama ya hayala mu E7, waikhomerera bwinobwino, ndipo mu G2 walemba:

```
=$E$7*B2/SUM(B2:B6)
```

Mawu akuti SUM amauza kompyuta kuti iphatikize manambala onse kuyambira B2 mpaka B6, ndiye kuti makilogalamu 1,000. Mlimi woyamba alipira K25,000, ndipo n'zoona, chifukwa makilogalamu 250 ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a katundu yense. Koma fomula ikatsika, chigawo chonse chophatikizidwacho chimatsetsereka nayo. Mu mzere wa 3 chimakhala B3 mpaka B7: mlimi woyamba wagwa pamwamba, ndipo pansi palowa kabokosi kopanda kanthu. Makilogalamu onse tsopano akuoneka ngati 750, choncho mlimi wachiwiri akuuzidwa kulipira K24,000 m'malo mwa K18,000. Mu mzere wa 4 atsala 570, ndipo wachitatu akulipira K56,140 m'malo mwa K32,000. Wachinayi akulipira K36,000 m'malo mwa K9,000. Pofika pa womaliza, chigawocho chatsala ndi makilogalamu ake 160 okha, ndiye kompyuta ikumuona ngati mwini wa katundu yense n'kumusenzetsa K100,000 yonse. Hayala ya K100,000 yasanduka K241,140.

Chizindikiro cha nthenda imeneyi n'chakuti mzere woyamba umakhala wolondola, kenako manambala amanka napatuka pamene mukutsika, ndipo womaliza amasenza mtolo wonse. Pa mndandanda wa alimi asanu zimaoneka poyera. Pa mndandanda wa anthu mazana, kugwa kwa munthu mmodzi pamwamba kumasintha yankho pang'ono kwambiri, mwakuti mizere 10 kapena 20 yoyambirira, imene ndi yomwe anthu amayang'ana, imaoneka yabwinobwino. Kukonza kwake ndi kukhomerera malekezero onse awiri a chigawocho:

```
=$E$7*B2/SUM($B$2:$B$6)
```

Chimodzimodzi ndi mafomula ena onse amene amayang'ana chigawo chathunthu, monga SUMIF yophatikiza ndalama za mudzi umodzi kapena VLOOKUP yofufuza mtengo pa mndandanda. Chigawo chikasiyidwa chomasuka, chimatsetsereka.

Kodi munthu angadziwe bwanji kuti tsamba limene lili patsogolo pake lili ndi vutoli? Musadalire kuti pulogalamu ikuchenjezani. Excel imaika kachizindikiro kobiriwira pakona ya kabokosi ngati fomula yake ikusiyana ndi ya timabokosi toyandikana nako. Koma mafomula a msungichuma wathu sakusiyana. Onse akunena chinthu chimodzi, chakuti tenga cha kumanzere uchulukitse ndi chachiwiri kumanja, ndipo kwa pulogalamu kolamu imeneyo ndi yaukhondo. Chenjezo limabwera fomula ikagwera pa chinthu chosatheka kuwerengera. Ikagwera pa kabokosi ka mawu pamaoneka #VALUE!, ndipo ikagawa ndi kabokosi kopanda kanthu pamaoneka #DIV/0!. Mauthenga amenewa amaopsa anthu, koma ndi abwino kuposa nambala yooneka yoona.

Kufufuza kwachangu ndi kupita pa mzere womaliza, osati woyamba, n'kudina kawiri pa kabokosi ka fomula. Pulogalamu imazungulira ndi mizere ya mitundu timabokosi tonse timene fomulayo ikutengako manambala. Pa tsamba la kalabu, mukadina kawiri pa C6 muona mtundu umodzi uli pa B6, pamene pali makilogalamu 160, ndipo wina uli pa E6, pamene palibe chilichonse. Mukaona zimenezo dinani Esc kuti mutuluke osasintha kanthu. Ngati mukufuna kuona mafomula onse nthawi imodzi, mu Excel pitani pa Formulas n'kusankha Show Formulas, kapena dinani Ctrl pamodzi ndi batani limene lili pansi pa Esc pa makiyibodi ambiri. Manambala amabisika, mafomula amaonekera, ndipo diso likatsika ndi kolamu C limaona E2, E3, E4, E5 zikuwerengana pamene panayenera kukhala E2 yokhayokha. Kudinanso mabatani omwewo kumabwezeretsa manambala.

Koma chitetezo chimene ndimachikhulupirira kwambiri ndi kuwerengera chinthu chimodzi m'njira ziwiri zosadalirana, n'kusiya yankho lake pa tsamba lomwelo. Ndalama za alimi onse zikhoza kupezeka pophatikiza kolamu C. Zikhozanso kupezeka pophatikiza makilogalamu onse kaye, kenako n'kuchulukitsa kamodzi ndi mtengo. Kusiyana kwa njira ziwirizi kuyenera kukhala ziro:

```
=SUM(C2:C6)-SUM(B2:B6)*E2
```

Pa tsamba lolakwika lija fomula imeneyi ikanaonetsa -162,000, ndipo pa alimi anayi ikanaonetsa 30,000. Pa hayala ya galimoto, ndalama zonse za mu kolamu G kuchotsapo za mu E7 ziyeneranso kupereka ziro. Kabokosi kotere kaikidwe pamwamba pa tsamba, pamene aliyense wotsegula akaona, ndipo ndalama zisagawidwe kakuonetsa nambala ina iliyonse. Kali ndi malire ake. Sikangakuuzeni kuti makilogalamu a wina analembedwa 180 m'malo mwa 108, pakuti njira zonse ziwiri zikuwerengera nambala yolakwika yomweyo. Kumeneko kumafunika kuyerekeza ndi risiti ya pa sikelo. Komanso, monga taonera, zolakwika zimatha kuphimbana, ndiye n'kwanzeru kutenga kakyuleta n'kuwerengera pamanja mlimi mmodzi wa pakati ndi womaliza.

Pali mantha amene ena amakhala nawo akamva kuti $E$2 sisuntha. Amaopa kuti akawonjezera mzere pamwamba, mwina wolembapo dzina la kalabu, mtengo utsikira pa E3 ndipo mafomula atsala akuloza malo akale. Sizitero ayi. Chizindikiro cha dola chimaletsa kusuntha pokopera fomula pokha. Mukalowetsa mzere watsopano, pulogalamu imasintha yokha mafomula onse kuti aziloza $E$3, kutsatira kumene mtengo wapita. Chimodzimodzinso mukasamutsa kabokosi ka mtengo ndi Cut kenako Paste, mafomula amakalondola. Pofunika kusamala ndi powonjezera alimi. Mlimi watsopano akalowetsedwa pakati pa mndandanda, chigawo cha $B$2:$B$6 chimadzitambasula n'kukhala $B$2:$B$7. Akalembedwa kunsi kwa womaliza, chigawo chokhomereredwacho chikhoza kumusiya kunja, ndipo anzake amulipirira hayala osadziwa. Choncho mukawonjezera munthu pansi, dinani kawiri pa fomula ya mu G2 ndi pa kabokosi koyang'anira kaja, muone ngati mizere ya mitundu ikufika pa iye. Ngati sikufika, sinthani 6 kukhala 7, n'kukokeranso fomula ya mu G mpaka pa mzere wake.